Mjigo wa katungwe ndi lipoti limene linanena zoona

M'chaka cha 2006, pamsonkhano waukulu mumzinda wa New York, mayi Laura Bush, mkazi wa pulezidenti wa dziko la Amereka panthawiyo, analengeza thandizo la madola 16.4 miliyoni lopita ku mtundu watsopano wa mjigo wotchedwa PlayPump. Unali mjigo wa katungwe wozungulira: ana akamasewera pa chigudumu chachitsulo, madzi amakwera kuchoka pansi n'kukalowa m'thanki ya malita 2,500 yokhazikidwa pamwamba pa nsanja. M'mbali mwa thankiyo munali zikwangwani zoti makampani azitsatsirapo malonda, ndipo ndalama zake zizikonzetsera mjigowo ukawonongeka. Cholinga chinali choti pofika 2010 pakhale mijigo 4,000 yotumikira anthu 10 miliyoni m'maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambiki.

Chaka cha 2010 chitafika, bungwe limene linkatsogolera ntchitoyi linali litapereka katundu wake ku bungwe lina, la Water For People, n'kutseka zitseko. Nkhaniyi imakambidwa kawirikawiri ngati chitsanzo cha chitukuko cholephera. Koma kwa munthu amene wapatsidwa ntchito yolemba lipoti lotsekera pulojekiti, lija lofotokoza zimene anthu aphunzirapo, ili ndi phindu lina: ikuonetsa mmene cholakwa chimalembedwera kuti wobwera m'mbuyo asachibwereze.

Lipoti lotere limayankha mafunso ochepa. Tinkayembekezera chiyani, chinachitika n'chiyani, kusiyanako kunabwera chifukwa chiyani, ndipo amene adzagwire ntchito yofanana ndi imeneyi adzachite zotani? Mafunsowo ndi osavuta, koma malipoti ambiri amagwa pa funso loyamba lomwe, chifukwa safuna kukumbutsa owerenga zimene zinalonjezedwa. Amangowerengera zimene zachitika: mijigo yakuti yamangidwa, makomiti akuti aphunzitsidwa, mwambo wopereka mjigo unayenda bwino ndipo mfumu inathokoza.

Tiyike lonjezo la PlayPump patebulo monga mmene lipoti loona mtima lingachitire. Anthu 10 miliyoni kuwagawa pa mijigo 4,000, ndiye kuti mjigo uliwonse unayenera kumwetsa anthu 2,500. Mabungwe othandiza anthu pa nthawi ya mavuto amagwiritsa ntchito muyezo wa malita 15 pa munthu patsiku ngati madzi ochepetsetsa amene munthu angakhalire nawo moyo bwinobwino. Anthu 2,500 kuchulukitsa ndi malita 15 akupereka malita 37,500 patsiku. Opanga mjigowo ankati umatha kukweza malita 1,400 pa ola limodzi zinthu zikamayenda bwino. Tsono malita 37,500 kuwagawa ndi 1,400, yankho lake ndi pafupifupi maola 27. Ana akanayenera kuzungulira osapuma kwa maola 27 pa tsiku limene lili ndi maola 24. Masamu amenewa anatuluka m'nyuzipepala ya Guardian ya ku Britain mu 2009, ndipo mwana wa Sitandade 6 akanatha kuwasova ntchito isanayambe.

Apa m'pamene pamaonekera kusiyana kwa malipoti. Lipoti lozemba lingalembe kuti panali zovuta zina pa nkhani ya kuchuluka kwa madzi. Chiganizo chimenecho sichinama, koma palibe amene angachite nacho kanthu. Lipoti lothandiza limalemba manambala onse aja, kenako n'kunena poyera kuti chiwerengero cha anthu opindula chinalengezedwa popanda kuchiyerekeza ndi mphamvu za mjigo. Cholakwa chikalembedwa motero, malangizo ake amadzilemba okha: musanalonjeze kuti mjigo umodzi umwetsa anthu angati, gawani madzi ofunika patsiku ndi madzi amene mwayeza nokha kuti ukutulutsa pa ola, ndipo yankho likapitirira maola amene dzuwa limakhala likuwala, chepetsani lonjezo. Kwathu kuno mjigo wamba amauwerengera anthu 250, osati 2,500.

Malipoti oona mtima analipo, ndipo analembedwa nthawi ikadalipo. Mu 2007 bungwe la UNICEF linaunika mijigoyi, ndipo mu 2008 akatswiri a bungwe la Skat la ku Switzerland anayendera imene inamangidwa ku Mozambiki. Zimene anapeza zinali za pansi penipeni. Ana sasewera nthawi zonse, ndipo sasewera pa nthawi imene madzi akufunika kwambiri, m'bandakucha ndi madzulo. Thanki ikauma, amayi ndi amene ankakankha chigudumu chija ndi manja, ena okalamba, ena oyembekezera, ndipo ambiri ankaona kuti ndi ntchito yotopetsa komanso yochititsa manyazi kwa munthu wamkulu. Katungwe wamba ukamukankha amapitiriza yekha kuzungulira, koma uyu mphamvu zake zimathera pokweza madzi, ndiye amafuna kukankhidwa mosalekeza. M'midzi ina anthu sanafunsidwe n'komwe. Anangoona mjigo wawo wakale wazulidwa, pamalo pake paikidwa watsopano.

Taonani kuti zonsezi sizikanapezeka mu ofesi. Mlendo akafika ndi kamera pa mjigo wotere, ana amathamangira kukazungulira mwachisangalalo, ndipo chithunzi chimatuluka chokongola. Wolemba lipoti amene akufuna zoona amafika m'mamawa osalengeza, amakwera kukaona ngati m'thanki muli madzi, ndipo amacheza ndi amayi paokha, mfumu ndi ogwira ntchito a bungwe ali patali. Kuno ku Malawi, injiniya wina wa ku Canada, Owen Scott, anachita chinthu chapafupi koposa: anatenga ndowa ya malita 20 ndi wotchi. Pa mjigo wa katungwe ndowayo inadzadza patatha mphindi zitatu ndi masekondi 7. Pa mjigo wamba wopopa ndi manja wa mtundu wa Afridev inadzadza m'masekondi 28. Umboni ngati umenewu ndi wovuta kuutsutsa pamsonkhano, ndipo aliyense akhoza kukaubwereza.

Gawo lovuta kwambiri m'lipoti ndi la chifukwa. Kunena kuti mijigo inkawonongeka sikokwanira, pakuti mjigo uliwonse umawonongeka. Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani unkakhala nthawi yaitali osakonzedwa, mpaka miyezi 17 m'malo ena a ku Mozambiki. Wolemba akafunsa mobwerezabwereza amafika pa muzu. Mjigo wa Afridev ukafa, komiti ya pamjigo imasonkhetsa ndalama, n'kukagula labala kapena sipeya ina m'sitolo ya pafupi, ndipo makaniko wa m'deralo amautsegula ndi sipanala. Wa katungwe sunali wotero. Anthu akumudzi sakanatha kuukonza. Ankayenera kuimba foni kapena kutumiza uthenga pa nambala yolembedwa pa thanki, n'kudikira amisiri a kampani. Ndalama zolipirira amisiriwo zinayenera kuchokera ku zikwangwani zija, koma ndi kampani iti imene ingalipire kutsatsa malonda pa sukulu ya kumudzi kumene galimoto imadutsa mwa apo ndi apo? Zikwangwani zambiri zinakhala zopanda kanthu. Choncho vuto silinali chitsulo chokha. Dongosolo lonse lokonzetsera linatsamira pa ndalama zimene palibe anatsimikiza kuti zidzabweradi.

Lipoti likafika pamenepa limayesedwa kuloza chala munthu. Ena amaloza anthu akumudzi, kuti sasamala katundu wa chitukuko. Ndi mawu otchipa, ndipo amatseka kafukufuku asanayambe. Ena amaloza wogwira ntchito amene anachoka kale. Malipoti abwino amatchula chiganizo chimene chinapangidwa, nthawi imene chinapangidwa, ndi zimene opangawo ankadziwa kapena sanafufuze panthawiyo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: wogwira ntchito akadziwa kuti dzina lake lilowa m'lipoti ngati wolakwa, tsiku lofunsidwa adzangoti zonse zinayenda bwino.

Malangizo nawo ali ndi muyezo wake. Chotsani dzina la pulojekiti pa chiganizo, ndipo ngati chikukwanirabe pa ntchito ya mseu, ya chipatala kapena ya ulimi wa mbuzi, dziwani kuti n'chopanda ntchito. Mawu akuti m'pofunika kulimbikitsa mgwirizano ndi anthu akumudzi ali m'gulu limenelo. Malangizo ogwirika amanena wochita, chochita ndi nthawi yake. Mwachitsanzo, kuchokera m'nkhani ya PlayPump lipoti likhoza kulemba kuti mkulu wa zamadzi paboma asalole kuti mjigo umene ukugwira ntchito uzulidwe pokhapokha amayi otunga pamenepo atauyesa watsopanowo n'kuvomera. Likhozanso kulemba kuti wogula katundu wa pulojekiti asasaine mgwirizano asanaone sitolo ya m'bomalo imene ikugulitsa sipeya zake, ndiponso kuti mtengo uziyerekezedwa ndi wa njira ina imene ilipo kale. Mjigo umodzi wa katungwe unkadya madola 14,000, ndalama zokwanira mijigo yamanja ingapo. Malangizo asanu otere amaposa makumi atatu a mawu okoma.

Lipoti loona mtima limanenanso pamene chinthu chinagwira. Mu 2010 mayi Jean Case, amene bungwe la banja lawo linali m'gulu la opereka ndalama akuluakulu, analemba poyera kuvomereza kuti ntchitoyi sinafike pamene ankafuna. Anati mijigoyi imayenda bwino m'malo ena, monga pa sukulu zikuluzikulu zapulayimale, koma siyoyenera mudzi uliwonse. Malire otere ndi amene wokonza pulojekiti ina amawafuna.

Mabungwe ena anaika kulemba kotere m'malamulo awo. Banki Yaikulu ya Padziko Lonse imafuna lipoti lotsekera pa ntchito iliyonse imene yapereka ndalama, ndipo nthambi ina yoima payokha imaliunikanso, nthawi zina n'kutsitsa malikisi amene olembawo anadzipatsa. Bungwe la mainjiniya la Engineers Without Borders la ku Canada, limene lagwirapo ntchito zamadzi m'maboma a m'Malawi muno, linayamba kutulutsa lipoti la pachaka la zolephera zake zokhazokha.

Komabe kulemba ndi theka chabe la ntchito. Lipoti la Skat la ku Mozambiki silinaperekedwe kwa anthu pa nthawi imene linalembedwa; ambiri anamva za ilo mu 2010, pamene mtolankhani Amy Costello, amene zaka zingapo m'mbuyomo anaulutsa nkhani yoyamikira mijigoyi, anabwerera kukaona mmene zinthu zinalili n'kuulutsa zimene anapeza pa pulogalamu ya kanema ya Frontline. Pakati pa 2008 ndi 2010 panadutsa zaka ziwiri zoona zili papepala, m'kabati. Inu amene mukutseka pulojekiti chaka chino, lembani pa tsamba loyamba la lipoti lanu maudindo a anthu amene alandire kope, ndipo pamndandandawo pasasowe ofesi ya zamadzi ya paboma ndi komiti ya m'mudzi imene itsale ndi mjigowo galimoto za bungwe zikapita.