Mtunda wa Kusukulu Ukalowa M'buku la Ana

Mphunzitsi wa Sitandade 3 akafuna nthano ya kamtsikana koyenda mtunda wautali kupita kusukulu, asalembe kuti "makilomita 6". Mwana wa zaka 8 sadziwa kutalika kwa kilomita. Amadziwa kuti ukadzuka tambala atangolira kachiwiri, umadutsa pachigayo, kuwoloka mtsinje, kenaka kukwera chitunda, mbatata yootcha ili m'thumba.

Malo atatu amenewo ndiwo msana wa nthano. Tsamba lililonse likhale ndi malo amodzi ndi ziganizo zitatu kapena zinayi, ndipo mawu akuti "anayenda, anayenda" azibwerezedwa kuti ngakhale wowerenga mogwiragwira alowe nawo m'gulu.

Vuto likhale limodzi basi. Mwezi wa Januwale mtsinje wadzaza, kamtsikana kasenza makope pamutu atakulungidwa m'pepala la shuga, kakudikira wamkulu woti akawolotse. Olemba ambiri amalakwitsa apa: amamupangitsa mwanayo kuwoloka yekha kuti aoneke wolimba mtima, pomwe ena mwa owerengawo mawa lomwe akumana ndi madzi enieni.

Ana akamafotokoza ulendowo mwadongosolo buku litatsekedwa, ndiye kuti nthanoyo aimva. Akamasokoneza chigayo ndi mtsinje, masambawo achuluka mawu.