Lipoti la pakomiti likamakwera pa sikirini

Mlembi wa komiti ya mjigo ali ndi lipoti la masamba asanu, ndipo amupatsa mphindi khumi zofotokozera. Ambiri amangokopa ndime zonse n'kuziika mu PowerPoint. Zotsatira zake, anthu amatanganidwa kuwerenga, iye akuyankhula yekha.

Ayambe ndi mitu ya lipotilo. Mutu uliwonse ukhale silaidi imodzi, koma wa ndalama, poti uli ndi zolowa ndi zotuluka, augawe pawiri. Masilaidi asanu ndi imodzi akwana.

Luso lagona pa dzina la silaidi. “Ndalama” silinena kanthu. “Zopereka sizikukwanira kugula zipangizo” lanena nkhani yonse, ngakhale wokhala kumbuyo wamva. Pansi pake mfundo zitatu basi, iliyonse mzere umodzi: zomwe zasonkhedwa, mtengo wa zipangizo, zopereŵera. Zifukwa zake azinene pakamwa. Pajatu abwera kudzamva munthu.

Mu Word, mitu ya `Heading 1` imasanduka mayina a masilaidi mukailoŵetsa mu PowerPoint, ya `Heading 2` imasanduka mfundo.

Mukaona kuti mukuchepetsa zilembo kuti mawu akwane, igaweni silaidiyo.