Kugawa katundu m'magulu A, B ndi C: njira yowerengera katundu wam'sitolo mosataya nthawi

Sitolo iliyonse ili ndi katundu wa mitundu iwiri: wolembedwa m'buku ndi wopezeka pashelefu. Ziwirizi sizichedwa kusiyana, ndipo njira yokhayo yodziwira kusiyanako ndi kuwerenga katunduyo ndi manja. Vuto ndi loti sitolo ya zipangizo zomangira, ya mankhwala kapena ya zitsulo za galimoto imatha kukhala ndi mitundu mazanamazana ya katundu, moti kuwerenga zonse kumafuna kutseka sitolo tsiku lathunthu kapena kupitirira. N'chifukwa chake eni sitolo ambiri amawerenga kamodzi pachaka, ndipo akapeza kuti katundu wasowa, palibenso amene angakumbukire kuti anasowa liti. Njira ya ABC imathetsa vutoli pogawa katundu m'magulu atatu molingana ndi ndalama zimene mtundu uliwonse umayendetsa pachaka, kuti katundu wa ndalama zambiri aziwerengedwa pafupipafupi, wa ndalama zochepa patalipatali.

Maziko a njirayi ndi mfundo imene katswiri wa zachuma wa ku Italy, Vilfredo Pareto, anaona kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, yakuti chuma chochuluka cha dziko chimakhala m'manja mwa anthu ochepa. Mu 1951, H. Ford Dickie wa kampani ya General Electric ku America anaonetsa kuti katundu wam'nkhokwe nayenso amatero: mitundu yochepa ndiyo imatenga gawo lalikulu la ndalama. Kawirikawiri mitundu 10 mpaka 20 pa 100 iliyonse imayendetsa 70 mpaka 80 peresenti ya ndalama zonse, ndipo ili ndilo gulu A. Gulu B limatenga pafupifupi 15 mpaka 20 peresenti ya ndalama. Gulu C ndi la mitundu yambiri, nthawi zambiri yoposa theka la mitundu yonse, koma ndalama zake zimangokhala 5 mpaka 10 peresenti. Manambalawa si lamulo, chifukwa sitolo iliyonse imadula malire pamene manambala akeake aonetsa kusiyana.

Kuti magulu apezeke, pamafunika manambala awiri pa mtundu uliwonse wa katundu: kuchuluka kwa zimene zinatuluka m'miyezi 12 yapitayi, ndi mtengo woodera chinthu chimodzi. Manambala awiriwa akachulukitsidwa, zotsatira zake ndizo ndalama zapachaka za mtunduwo. Mtengo woodera ndiwo umagwiritsidwa ntchito, osati wogulitsira, chifukwa chimene chikufunika kutetezedwa ndi mpamba umene mwini sitolo analowetsa. Kenako mitundu yonse imandandalikidwa kuyambira wa ndalama zambiri kutsika mpaka wa ndalama zochepa, ndipo ndalamazo zimaphatikizidwa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba. Pamene chiwonkhetso chafika pafupi ndi 75 kapena 80 peresenti ya ndalama zonse, pamenepo ndi pothera gulu A. Pamene chafika pakati pa 90 ndi 95 peresenti ndi pothera gulu B, ndipo zotsala zonse ndi gulu C. Ntchitoyi imatheka ndi buku ndi kakyuleta, koma pa kompyuta, mu Excel, imafulumira: kuchuluka kukalembedwa mu ndime B ndi mtengo mu ndime C, ndalama zapachaka zimapezeka polemba `=B2*C2`, kenako mizere n'kusanjidwa.

Chitsanzo cha sitolo ya zipangizo zomangira yokhala ndi mitundu khumi yokha, pamitengo yongoyerekezera, chikuonetsa mmene zimakhalira. Pachaka sitoloyo yagulitsa matumba 2,000 a simenti ooda pa K25,000 limodzi, zomwe zikupereka K50 miliyoni. Malata 1,200 a K20,000 limodzi akupereka K24 miliyoni. Ngati katundu yense wapachaka ndi wa K100 miliyoni, ndiye kuti mitundu iwiri yokhayi yatenga 74 peresenti, ndipo ndiyo gulu A. Pambuyo pake pakubwera ndowa 200 za penti za K40,000 imodzi, zomwe ndi K8 miliyoni, mapaipi a K6 miliyoni ndi misomali ya K4 miliyoni. Mitundu itatuyi ikufikitsa chiwonkhetso pa 92 peresenti, ndipo ndiyo gulu B. Mitundu isanu yotsala, yomwe ndi maloko, mahinjesi, mabulashi, mababu ndi sandipepa, yonse pamodzi ndi ya K8 miliyoni basi, ndipo ndiyo gulu C.

Mndandandawu ukuonetsa kuti mtengo wa chinthu chimodzi pawokha sunena gulu. Ndowa ya penti ndiyo yodula kuposa zonse m'sitolomo, koma ili mu B chifukwa imatuluka mwa apo ndi apo. Loko wa K20,000 ndi wofanana mtengo ndi lata, koma maloko atatuluka 150 okha pachaka ndalama zake ndi K3 miliyoni, ndipo agwera mu C pamene malata ali mu A. Kufunika kwa kusiyanitsaku kumaoneka katundu akasowa. Matumba awiri a simenti akamasowa pa matumba 100 alionse, pachaka ndi matumba 40, omwe ndi K1 miliyoni. Sandipepa yense amene sitoloyo imagulitsa chaka chathunthu, mapepala 1,000 a K500 limodzi, ndi wa theka la ndalama zimenezo. Wantchito amene wathera ola lathunthu akuwerenga sandipepa akuteteza ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi amene wathera mphindi khumi pa mulu wa simenti.

Magulu akadziwika, amapereka ndondomeko yowerengera. Sitolo ya mitundu 600 itha kupeza mitundu 60 mu A, 120 mu B ndi 420 mu C. Ikamawerenga A mwezi uliwonse, B miyezi itatu iliyonse ndi C kawiri pachaka, ndiye kuti pachaka iwerenga maulendo 720 a gulu A, 480 a gulu B ndi 840 a gulu C, onse pamodzi 2,040. Pa masiku ogwira ntchito pafupifupi 300, imeneyi ndi mitundu isanu ndi iwiri patsiku, ntchito imene munthu mmodzi angaimalize m'mawa asanatsegule zitseko. Kuwerenga chilichonse mwezi ndi mwezi kukanafuna maulendo 7,200. Katundu wothamanga kwambiri ngati simenti amatha kuwerengedwa mlungu uliwonse, ngakhale tsiku lililonse potseka, popeza matumba osanjidwa khumikhumi savuta kuwerenga.

Kawerengedwe kakenso kali ndi malamulo ake. Wowerenga asapatsidwe nambala yam'buku asanawerenge, chifukwa munthu wodziwa kuti pakuyenera kukhala malata 85 maso ake amaona 85. Ndi bwinonso kuti wowerenga asakhale yemwe amasunga makiyi a nkhokwe kapena kulemba buku la katundu. Kuwerenga kuchitike pamene katundu sakulowa kapena kutuluka, ndipo malisiti onse a dzulo akhale atalowa kale m'buku. Nambala ikasiyana ndi yam'buku, munthu wina awerengenso buku lisanasinthidwe. Pa gulu A, kusiyana kulikonse, ngakhale kwa thumba limodzi, kumafufuzidwa mpaka chifukwa chake chipezeke. Pa gulu C, kusiyana kwa zinthu zitatu kapena zisanu pa 100 kumangokonzedwa m'buku, chifukwa kufufuzako kungadye nthawi yodula kuposa katunduyo.

Si kusiyana konse kumene kumachokera ku kuba, ndipo mmene manambala akuyendera amaloza gwero lake. Mtundu umodzi wa malata ukaperewera ndi asanu pamene wina wachuluka ndi asanu, ndiye kuti wogulitsa anasokoneza kutalika kapena geji polemba lisiti. Kusiyana kolingana ndendende ndi katoni yathunthu kumasonyeza kuti wolandira analemba makatoni pamene wogulitsa amalemba chimodzichimodzi. Misomali yogulitsidwa pasikelo imaperewera pang'onopang'ono nthawi zonse chifukwa cha kupyoletsa muyeso. Simenti youma ndi chinyezi imaikidwa pambali koma osachotsedwa m'buku, ndipo katundu wotengedwa pangongole ndi mmisiri wodziwika amatha kutuluka popanda cholemba. Koma kuperewera kobwerezabwereza pa mtundu umodzi, kosagwirizana ndi zifukwa zimenezi, ndiko kumafuna kuyang'ana amene amafika pa katunduyo. Ubwino wowerenga mwezi uliwonse ndi woti malisiti ofunika kufufuzidwa amakhala a masabata anayi okha, ndipo anthu amakhala akukumbukirabe zimene zinachitika.

Njirayi ili ndi malire, chifukwa imayeza ndalama zokha. Misomali ya malata itha kugwera m'gulu lotsika, komabe ikatha wogula malata amapita kukagula zonse kwina. M'zipatala vutoli ndi lalikulu kwambiri, popeza mankhwala otsika mtengo amatha kukhala opulumutsa moyo. N'chifukwa chake osunga mankhwala amaphatikiza ABC ndi njira ina yotchedwa VEN, imene imagawa mankhwala m'magulu atatu: osayenera kusowa ngakhale tsiku limodzi, ofunika, ndi osafunika kwenikweni. Katundu wamng'ono wolowa m'thumba la malaya, monga maloko, nayenso amayenera kukwezedwa gulu ngakhale ndalama zake zapachaka zili zochepa. Chimodzimodzi katundu wotha mphamvu msanga kapena wochedwa kufika akaodedwa kunja.

Palinso katundu wogona. Chinthu chodula chimene sichinagulidwe chaka chonse, monga pampu ya madzi, ndalama zake zapachaka ndi ziro, choncho chimagwera pansi penipeni pa C ngakhale chikusunga mpamba waukulu. Pofuna kupewa zimenezi, amalonda ena amapanga mndandanda wachiwiri wotengera mtengo wa katundu amene ali pashelefu lero, ndipo chinthu chikapezeka pamwamba pa mndandanda uliwonse mwa iwiriyi chimawerengedwa ngati cha gulu A. Katundu watsopano, amene alibe mbiri ya miyezi 12, amaikidwa m'gulu mongoyerekeza kwa miyezi yoyambirira.

Magulu sakhala chikhalire. Ku Malawi simenti ndi malata zimathamanga m'chilimwe pamene anthu akumanga atagulitsa zokolola, ndipo zimazizira m'dzinja, moti manambala a miyezi itatu yokha amasocheretsa. Chaka chathunthu ndicho chimapereka chithunzi cholondola. Mitengo nayo imasuntha malire. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu siinakwere mofanana, ndipo mndandanda wopangidwa pamitengo yakale unasiya kunena zoona. Choncho kuwerengetsaku kumabwerezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kapena kamodzi pachaka, komanso nthawi iliyonse mitengo yoodera ikasintha kwambiri, pogwiritsa ntchito mtengo wa oda yomaliza pa mitundu yonse.