Chifukwa chake kiyi wochokera ku mawu achinsinsi amapangidwa mochedwa mwadala

Fayilo kapena disiki ya kompyuta ikatsekedwa kuti osayenera asaiwerenge, chomwe chimaitseka si mawu achinsinsi amene mwini wake amalemba. Njira zotsekera monga AES-256 zimafuna kiyi wa mabiti 256, kutanthauza mndandanda wa maziro ndi mawani okwana 256 wosatsata dongosolo lililonse. Palibe munthu angausunge pamtima. Choncho pulogalamu imatenga mawu amene munthu angathe kukumbukira, n'kuwapititsa m'masamu ena amene amatulutsa kiyi wautali woyenerera. Mawu omwewo amatulutsa kiyi yemweyo nthawi zonse, ndipo chilembo chimodzi chikasintha, kiyi amatuluka wina.

Vuto limayamba fayilo ikagwa m'manja mwa wakuba, mwachitsanzo laputopu ikabedwa. Ku makina otapira ndalama a banki, munthu akalakwitsa nambala kangapo khadi imatsekedwa. Koma wakuba amene wakopera fayilo pa kompyuta yake alibe womuletsa kuyesa. Salimbana ndi kiyi wa mabiti 256, chifukwa makiyi otere ndi ochuluka moti sangayesedwe onse. Amalimbana ndi mawuwo. Amaganizira mawu, amapanga kiyi, amayesa kutsekula, zikakanika amatenga ena. Chitetezo chonse chimatsamira pa kuchuluka kwa mawu oti ayese ndi nthawi imene kuyesa kumodzi kumamudyera.

Zimenezi zimaoneka bwino powerengera. Mwini fayilo asankhe mwamaere mawu anayi pa mndandanda wa mawu 7,776, monga imachitira njira yotchedwa Diceware. Mawu anayiwo akhoza kusanjika m'njira pafupifupi 3,656 thiriliyoni. Ngati kiyi apangidwa pongowapititsa kamodzi mu SHA-256, masamu amene anapangidwira liwiro, chipangizo chimodzi cha GPU, cha mtundu umene anthu amagulira masewero a pa kompyuta, chimatha kuyesa koposa 10 biliyoni pa sekondi. Pa liwiro limenelo njira zonsezo zimatha m'masiku anayi ndi maola ochepa.

Mankhwala oyamba anali kubwereza. Njira ya PBKDF2, imene inafalitsidwa m'chikalata cha RFC 2898 m'chaka cha 2000, imabwereza masamu omwewo maulendo ambirimbiri kiyi asanatuluke. Mwini fayilo amadikira sekondi imodzi kamodzi kokha, pamene wakuba amalipira mtengo womwewo pa mawu aliwonse amene wayesa. Kumawonjezedwanso nambala yosankhidwa mwamaere imene akatswiri amaitcha mchere, ndipo imasungidwa poyera pamodzi ndi fayilo. Mcherewo umapangitsa kuti anthu awiri a mawu ofanana akhale ndi makiyi osiyana, ndiponso kuti wakuba asakonzeretu mayankho oti agwiritse ntchito pa mafayilo onse.

Kubwereza pakokha kuli ndi pofooka. PBKDF2 imafuna memole yochepa kwambiri, ndipo memole ndi malo amene kompyuta imaikamo manambala pamene ikuwerengera. GPU ili ndi tizigawo towerengera masauzande angapo, ndipo kalikonse kakhoza kuyesa mawu akeake pa nthawi imodzi. Amene ali ndi ndalama akhoza kupangitsanso makina a ntchito imodzi yokhayo. Mwini fayilo amachedwa ndithu, koma wakuba amagawa ntchitoyo kwa antchito ambirimbiri otchipa.

Apa ndi pamene panabwera nzeru yokakamiza kuti kuyesa kulikonse kudye memole yambiri. Zili ngati ntchito youmba njerwa. Woumbitsa akhoza kulemba aganyu 1,000, koma njerwa iliyonse imafuna malo ake pabwalo mpaka iume. Bwalo likakhala laling'ono, aganyu ambiri amangokhala pansi kudikira. Tizigawo towerengera ndi aganyuwo, memole ndi bwalo, ndipo kukuza bwaloli n'kodula. Colin Percival anatulutsa njira ya scrypt pa mfundo imeneyi mu 2009. Mu 2015 mpikisano wapadziko lonse wofuna njira yatsopano unasankha Argon2, imene inapangidwa ndi Alex Biryukov, Daniel Dinu ndi Dmitry Khovratovich a pa yunivesite ya Luxembourg. Mtundu wake umene amaulimbikitsa pa ntchito zambiri ndi Argon2id.

Argon2 imagawa memole m'tizidutswa ta kilobaiti imodzi, ndipo gigabaiti imodzi imakhala ndi tizidutswa toposa miliyoni imodzi. Kachidutswa kalikonse katsopano kamapangidwa posakaniza kamene kangomalizidwa kumene ndi kena kakale kotengedwa kwina m'memolemo. Kiyi amachokera ku tizidutswa tomalizira. Wakuba akafuna kupulumutsa malo potaya tizidutswa tina, amapeza kuti kachidutswa kamene wataya kakufunika patsogolo. Ndiye ayenera kukapanganso, ndipo kukapangako kumafuna tina timene anatayanso. Malo amene wapulumutsa amawalipira ndi ntchito yochuluka kwambiri.

Chitsanzo chija chikawerengedwanso, kusiyana kumaonekera poyera. Kiyi apangidwe ndi Argon2id ya gigabaiti imodzi, ndipo kuyesa kumodzi kutenge pafupifupi sekondi imodzi. GPU ya memole ya magigabaiti 24 singayese mawu oposa 24 pa nthawi imodzi, ngakhale itakhala ndi tizigawo towerengera tochuluka bwanji. Pa liwiro la 24 pa sekondi, njira 3,656 thiriliyoni zija zimafuna zaka zoposa 4 miliyoni. Wakuba atagula zipangizo 1,000, ntchito idzamutengerabe zaka masauzande.

Argon2 ili ndi manambala atatu amene wopanga pulogalamu amasankha: kukula kwa memole, maulendo odutsa m'memolemo, ndi mizere ya ntchito yoyenda pamodzi. Chikalata cha RFC 9106 cha 2021 chimalangiza magigabaiti 2, ulendo umodzi ndi mizere inayi, kapena mamegabaiti 64, maulendo atatu ndi mizere inayi pa chipangizo cha memole yochepa. Manambalawa si achinsinsi. Pa kompyuta ya Linux imene disiki yake inatsekedwa ndi LUKS2, amaoneka ndi lamulo ili, dzina la disiki likasinthidwa kukhala loyenera:

```
sudo cryptsetup luksDump /dev/sda2
```

Mzere wa `PBKDF` umaonetsa njira imene inagwiritsidwa ntchito, ndipo wa `Memory` umapereka memole m'makilobaiti, moti 1048576 ndi gigabaiti imodzi. Mzere woyambawo ukaonetsa `pbkdf2`, ndiye kuti kiyiyo alibe chitetezo cha memole.

Manambalawa akasankhidwa molakwika, mavuto amabwera mbali ziwiri. Akakula kwambiri, fayilo yotsekedwa pa kompyuta yamphamvu imakana kutsekuka pa foni ya memole yochepa, ngakhale mawu ali olondola. Akachepa kwambiri, chitetezo chimatha. Ndalama ya pa intaneti ya Litecoin inagwiritsa ntchito scrypt ndi makilobaiti 128 okha, ndipo pofika 2014 makina apadera owerengera scrypt yotereyi anali atafika pamsika.

Malire aakulu kuposa onse ali pa mawu enieniwo. Wakuba sayesa mwachisawawa: amayamba ndi mayina, zaka zobadwa, matimu a mpira ndi mapasiwedi amene anabedwa kale kwina. Mawu akakhala pa mndandanda wa mapasiwedi 1 miliyoni odziwika, GPU ija, pa liwiro lomwe lija la 24 pa sekondi, imawapeza pasanathe maola 12. Argon2 imakweza mtengo wa kuyesa kumodzi, koma kuchuluka kwa zoyesa kumachokera kwa wosankha mawu. Pa mndandanda wa Diceware, liwu limodzi lowonjezera losankhidwa mwamaere limachulukitsa ntchito ya wakuba ka 7,776.