Kapepala ka magalasi: manambala ake akutiuza chiyani?

Munthu wa ku Bembeke kapena ku Linthipe akapimitsa maso pa chipatala cha boma ku Dedza, kapena akakwera mpaka ku Nkhoma, chipatala chodziwika pa za maso, amabwerako ndi kapepala kodzaza manambala. Ambiri amangokapinda n'kukasunga m'buku la kuchipatala. Komatu kapepalako n'komwe kangamuuze ngati magalasi a pamsika angamuthandize kapena angomudyera ndalama.

Tiyerekeze kuti mayi wina wosoka zovala pa boma la Dedza, wa zaka 52, wapatsidwa kapepala aka:

```
    SPH     CYL     AXIS   ADD
R  -1.50   -1.00    180   +2.00
L  -2.00                  +2.00
```

Mzere wa pamwamba ndi wa diso lakumanja, wa m'munsi ndi wa lakumanzere. Mapepala ena amalemba OD kutanthauza lakumanja ndi OS lakumanzere.

Nambala yoyamba, ya sifiya, ndi mphamvu ya galasi lonse. Amaiyeza m'madayoputa, ndipo imakwera pang'onopang'ono ndi 0.25. Musanayang'ane kukula kwake, yang'anani kachizindikiro kali kutsogolo. Mainasi ndi ya munthu woona bwino pafupi koma kutali kuli mbuu. Pulasi ndi ya diso lomwe limachita kulimbana kuti lione bwino, makamaka zapafupi. Pa mainasi pali kasamu kosavuta: gawani masentimita 100 ndi nambalayo. Diso lakumanzere la mayiwa lili pa -2.00, ndiye popanda magalasi limaona bwino mpaka masentimita 50 basi. Nsalu ili pamakina amaiona, koma chikwangwani cha minibasi ya ku Lilongwe sangachiwerenge mpaka itaima pamphuno pawo.

Silinda ndi yomwe imasokoneza ambiri. Khungu loonekera la kutsogolo kwa diso liyenera kupindika mofanana mbali zonse, koma mwa anthu ena limakhala ngati kumbuyo kwa supuni: mbali ina yopindika kwambiri, ina pang'ono. Diso lotere siliona bwino kutali ndi pafupi pomwe. Zilembo zimakhala ndi mthunzi, nyali za galimoto usiku zimatambasuka, ndipo mutu umawawa ntchito ikatalika. Silinda ndi mphamvu yowonjezera yomwe amaika mbali imodzi yokha ya galasi kuti ikonze kusiyanako. Pamene sipanalembedwe kanthu, ngati pa diso lakumanzere la mayiwa, ndiye kuti vutoli palibe.

Silindayo siyenda yokha, nthawi zonse imatsagana ndi akisisi. Nambala iyi si mphamvu ayi, ndipo munthu asachite mantha poona 180 n'kumaganiza kuti diso latha. Ndi madigiri, kuyambira 1 mpaka 180, ouza wodula galasi mmene aligonekere m'felemu: 90 ndi choimirira, 180 ndi chopingasa. Wodulayo akaphonya ndi madigiri angapo, makamaka silinda ikakhala yaikulu, mwini magalasi amaona pansi ngati papendekeka, mafelemu a zitseko ngati akhota. Zimachitikanso felemu ikapindika, kapena galasi lozungulira likagwa wina n'kulibwezera mmene waganizira. Magalasi atsopano amafuna masiku ochepa kuti maso awazolowere, koma chizungulire chikapitirira sabata ziwiri, bwererani nawo pamodzi ndi kapepalako akawayeze pa makina.

Nthawi zina zipatala ziwiri zimalemba diso limodzi mosiyana. Diso lakumanja la mayiwa lingalembedwenso -2.50, +1.00, 90, ndipo galasi lake n'lomwelo. Aphatikiza sifiya ndi silinda, atembenuza chizindikiro cha silinda, kenako asuntha akisisi ndi madigiri 90.

Nambala yomaliza, ya ADD, imabwera ndi ukulu. Munthu akapitirira zaka 40, diso limayamba kulephera kukoka zinthu zapafupi, ndiye amawonjezera mphamvu yowerengera pamwamba pa sifiya. Kwa mayiwa, diso lakumanzere ndi -2.00 kuphatikiza +2.00, yankho n'kukhala 0. N'chifukwa chake amavula magalasi akamalowetsa ulusi pa singano. Lakumanja limafuna +0.50, silinda yake ili pomwepo.

Apa ndi pomwe anthu amatayira ndalama. Mayiwa ataona +2.00 pa kapepala n'kukagula magalasi a pamsika olembedwa +2.00, angafunike kuika nsalu pa masentimita 25 okha kuchokera kumaso kuti aione. Magalasi a pamsika amakhala ndi pulasi yofanana maso onse awiri, alibe silinda. Amathandizadi munthu woona kutali bwinobwino yemwe vuto lake ndi la ukulu lokha, ndipo wotereyo asachite nawo manyazi. Koma kapepala kakakhala ndi mainasi, silinda, kapena manambala osiyana kwambiri pa maso awiriwo, magalasi ake ndi odulitsa basi.

Yang'ananinso tsiku lomwe kapepalako kanalembedwa. Manambala akamasintha msanga m'miyezi yochepa, kawirikawiri pamakhala shuga wokwera m'magazi kapena ng'ala yomwe ikuyamba, ndipo zimenezi zimafuna dokotala, osati magalasi ena.