Chikumbu pa zenera la Jung

Mayi wina amene ankathandizidwa ndi Carl Jung, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Switzerland, analota atapatsidwa chikumbu chagolide. Ali mkati mofotokoza malotowo, Jung anamva kanthu kakugogoda pa zenera kumbuyo kwake. Atatsegula anagwira chikumbu chobiriwira, chonyezimira ngati golide, n'kumupatsa mayiyo. Jung analemba kuti mayiyo, yemwe ankangokakamira mfundo zake osafuna kumva zina, anayamba kumasuka, ndipo chithandizo chinayamba kuyenda.

Mu 1952 Jung anafotokoza ganizo lake m'buku limene anatulutsa ndi Wolfgang Pauli, katswiri wa fizikisi. Ganizolo, lotchedwa sinkironisite, limati za mumtima ndi zochitika kunja zimatha kukumana mwatanthauzo, popanda china kuchititsa chinzake.

Koma chikumbucho sichinali chosowa. Jung mwini wake anavomera kuti chinali cha mtundu wofala kumeneko. Komanso palibe amene anawerenga maloto onse amene anafotokozedwa m'chipindamo zenera lili zii.

Amene anachita masamu ake ndi Luis Alvarez, katswiri wa fizikisi wa ku America. Mu 1965, akuwerenga nyuzipepala, mawu ena anamukumbutsa munthu amene anamudziwa ali pasukulu, yemwe anali atamuiwala kalekale. Pasanathe mphindi zisanu, atatembenuza masamba, anapeza uthenga wa imfa ya munthu yemweyo. Ambiri akanati ndi malodza. Alvarez anayerekeza kuchuluka kwa anthu amene munthu amawadziwa, kangati amawakumbukira, ndiponso kuchuluka kwa akuluakulu m'dziko lake. Anapeza kuti zoterezi ziyenera kugwera anthu pafupifupi 10 tsiku lililonse mu America monse. Kwa amene zamugwera n'zozizwitsa ndithu, koma m'dziko la anthu mamiliyoni, chodabwitsa chikanakhala kusachitika kwake.

Mtima umasunga zimene zagwirizana n'kutaya zimene zaphonya. Umakonzanso nkhani: munthu analota madzi, koma akamva za ngozi ya boti amayamba kukumbukira kuti m'malotomo munalinso boti. Mankhwala ake ndi kope ndi cholembera. Maloto alembedwe m'mawa, ndi deti lake, uthenga uliwonse usanafike. Wolembayo aneneretu chimene chingatchedwe kukwaniritsidwa komanso masiku odikira, kenako awerenge zonse, zophonya zomwe.

Izi sizichotsa phindu la kusinkhasinkha. Amene wakumbukira mnzake, mnzakeyo n'kuimba foni nthawi yomweyo, angadzifunse chifukwa chake zamukhudza chotere. Mwina wamusowa, mwina pali nkhani imene sanamalize. Yankho lake likunena za iye mwini. Koma kugwirizana kwa maloto ndi imfa ya wachibale si umboni woti n'kulozera nawo munthu chala kuti ndi mfiti, ndipo nambala yolota si chifukwa chokabetchera ndalama za fizi ya mwana.