Masatifiketi Angati Ndi Okwanira kwa Katswiri wa Netiweki?

Satifiketi ya ntchito zamakompyuta imasiyana ndi digiri pa chinthu chimodzi chachikulu: imatha mphamvu. Digiri ukaipeza ndi yako mpaka kumanda, koma CCNA ya kampani ya Cisco imagwira ntchito zaka 3 zokha. Chimodzimodzinso A+, Network+ ndi Security+ za bungwe la CompTIA, ndiponso masatifiketi a AWS. Ambiri mwa a Microsoft ndiye amafuna kuwonjezera nthawi chaka ndi chaka, ngakhale kuti mayeso ake owonjezerera amalembedwa pa intaneti mwaulere. Choncho pepala lililonse latsopano limabwera ndi ngongole ya nthawi ndi ndalama, ndipo apa ndi pamene tingayezere ngati mapepala achuluka.

Tiyerekeze mnyamata amene walembedwa ntchito yokonza makompyuta pakampani ina ku Blantyre, ndipo akufuna kudzakhala woyang'anira netiweki. Anzake amuuza kuti atole chilichonse: A+, Network+, Security+, CCNA, imodzi ya AWS, ina ya Microsoft. Kodi zonsezi n'zofunika?

Network+ ndi CCNA zimalima munda umodzi. Zonse zimaphunzitsa maadiresi a IP, kugawa netiweki m'zigawo, ndi momwe rauta ndi swichi zimayendetsera uthenga. Kusiyana kwake n'kwakuti CCNA imalowa mozama ndipo imafuna kuti munthu adziwe kulemba malamulo pa zipangizo za Cisco. Amene wapeza CCNA, akabwerera kukalemba Network+ ndiye kuti akulipira kawiri kuti atsimikizire chinthu chimodzi. Ndipo malipiro ake ndi a madola a ku America: mayeso a CCNA, omwe nambala yake ndi 200-301, mtengo wake ndi madola 300. Kuchokera pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imeneyi si yoseweretsa.

Nzeru yagona posanjikiza masatifiketi mumzere umodzi, kuti wapamwamba azinyamula wapansi. Mabungwe enieniwo anakonza zinthu motero. Ku CompTIA, kuti A+ isathe mphamvu pamafunika mapointi 20 a maphunziro opitiriza m'zaka zitatu, Network+ 30, Security+ 50. Koma simuwonkhetsa kuti akwane 100 ayi. Mukawonjezera nthawi ya Security+, ziwiri zapansizo zimatsitsimuka zokha. Ku Cisco nakonso, kukhoza mayeso a CCNP kumawonjezera moyo wa CCNA. Vuto limayamba munthu akamwaza mapepala ake m'mabungwe anayi kapena asanu, lililonse ndi tsiku lake lothera, malamulo ake ndi malipiro ake. Pamenepo madzulo amathera m'kusaka mapointi m'malo mophunzira ntchito.

Kwa mnyamata wathu uja, ine ndingati ayambe ndi CCNA, popeza ntchito yokonza makompyuta yamupatsa kale zambiri za mu A+. Kenaka agwire ntchito chaka kapena ziwiri, akhudze zingwe, aone netiweki ikugwa ndi kuidzutsa. Pambuyo pake asankhe njira: CCNP ngati akufuna kukhazikika pa netiweki, kapena Security+ ngati mtima wake uli pa zachitetezo. Ya AWS aiganizire pokhapokha ngati kampani yake, kapena zotsatsa ntchito zomwe akuzifuna, zikuitchula. Kuwerenga zotsatsa ntchito khumi ndi kulemba mayina omwe akubwerezedwa kumathandiza kuposa malangizo a mnzako amene wangokhoza mayeso dzulo. Mwa njira imeneyi, pofika zaka zisanu akhala ndi masatifiketi awiri kapena atatu amoyo, ndipo ndi okwanira.

Pali ena amene sangathamangiridwe n'komwe. CISSP ya bungwe la ISC2 imafuna zaka 5 za ntchito yeniyeni m'magawo osachepera awiri mwa magawo 8 a zachitetezo. Wokhoza mayeso asanakwanitse zakazo sapatsidwa dzinalo; amangolembedwa ngati woyembekezera. Akalipeza, pamafunika mapointi 120 m'zaka zitatu zilizonse, kuphatikizapo malipiro a chaka ndi chaka.

Olemba ntchito odziwa zinthu sachita mantha ndi mndandanda wautali, amaukayikira. Akaona mapepala 8 pa munthu wa chaka chimodzi pantchito, amaganiza kuti mwina analoweza mafunso obedwa omwe amagulitsidwa pa intaneti, chinthu chomwe chingachititse kuti satifiketi ilandidwe. Pa intavyu amangofunsa kuti mu `192.168.10.0/26` mungalowe makompyuta angati. Wodziwa amayankha kuti 62 asanaphethire. Woloweza amayang'ana kudenga.

Ndi bwinonso kulola mapepala ena kufa. Microsoft inathetsa mayeso a MCSA ndi MCSE pa 31 Januwale 2021, ndipo amene anali nawo anasamukira ku masatifiketi atsopano ogwirizana ndi ntchito zawo. Mnyamata wathu akafika pa CCNP, palibe bwana amene adzamufunse ngati A+ yake ikadali ndi mphamvu, ndipo pa kalata yofunsira ntchito angotchula atatu okhudza ntchito imene akuifunayo.